Ndikamaliza mafunso 20 a Fizikisi, ndizionanso chiyani ndisanapereke?

Wofunsa (Fomu 4): Abale a pagulu pano, thandizeni. Aphunzitsi anatipatsa mafunso 20 okonzekera MSCE. Ndinamaliza onse, ndinawerenganso kawiri, koma pepala labwera lofiira. Mafomyula ndinalemba olondola, mayankho ndi amene agwa. Landipweteka kwambiri ndi ili: galimoto ya 1200 kg ikuthamanga 72 km/h, yaima m'masekondi 5. Ndinapeza a = 14.4, F = 17280 N, mtunda woimira 180 m. Zonse achonga kuti ndalakwa. Mphindi khumi zomalizazo anthu mumayang'ana chiyani kwenikweni? Ine ndimangoona manambala anga omwewo n'kumagwedeza mutu kuti zili bho.

Mnyamata wa ku Ndirande: Vuto ndi nthawi, aise. Uziyamba ndi mafunso ophweka, ovutawo pamapeto.

Wofunsa: Nthawi inalipo yambiri achimwene, inali ntchito ya kunyumba.

Wophunzira wa uinjiniya: Njira yanga ndi yoti mayankho azichitirana umboni. F kuchulukitsa ndi mtunda zizifanana ndi ½mv². Zikafanana, wakhoza, tseka buku.

Mphunzitsi wopuma: Njirayo ndi yabwino koma pano sikanamupulumutsa. Tayesani: 17280 × 180 = 3110400. Ndipo ½ × 1200 × 72² ikupatsanso 3110400. Zagwirizana bwinobwino, koma zonse ndi zabodza, chifukwa mboni ziwirizi zamwa pa chitsime chimodzi. Mwanangu, 72 uja unamulowetsa ali mu km/h pomwe nthawi ili m'masekondi. Ukagawa ndi 3.6 akhala 20 m/s. Ndiye a = 4 m/s², F = 4800 N, mtunda 50 m, ndipo 4800 × 50 = 240000 J, chimodzimodzi ½ × 1200 × 20².

Chimene chikanakugwira dzanja ndi kudzifunsa ngati nambalayo ingachitike pamsewu weniweni. Mwala wogwa m'mwamba umawonjezera liwiro ndi 10 m/s² basi. Iwe galimoto yako ikuima ndi 14.4, kuposa mwala wogwa. Matayala a galimoto wamba sangagwire phula choncho. Kenako 180 m: bwalo la mpira ndi mamita 100 ndi pang'ono. Mabuleki oopsa chonchi, galimoto n'kudutsabe pafupifupi mabwalo awiri? Pamenepo pokha unayenera kununkhiza kanthu. Ndaonanso kuti 14.4 wako walembedwa wopanda yuniti. Ukanayesa kumulembera, ukanapeza km/h pa sekondi, n'kudzidzimuka wekha.

Wophunzira wa uinjiniya: Ndagonja bambo. Komabe njira yanga imagwira ngati munthu wasintha yuniti pa gawo (a) n'kuiwala pa gawo (d).

Mphunzitsi wopuma: Pamenepo ndiye imagwiradi. Ingodziwani malire ake.

Mayi wa ana awiri: Wanga zinamuchitikira zina. Mafunso onse a ngodya analakwa, enawo anakhoza. Tinapeza kuti mkulu wake anabwereka kakyuleta n'kuisiya pa RAD. Pano asanayambe amadina sin 30, ikapanda kutulutsa 0.5 amadziwa kuti pali wina waigwira. Tsiku limenelo inkatulutsa −0.988, iye n'kumangokopera.

Wofunsa: Zikomo amayi, yanga ili pa DEG, ndaona pompano. Koma aphunzitsi, mafunso 20 onse ndiwawerengerenso? Sindingamalize.

Mphunzitsi wopuma: Ayi, usabwereze masamu. Diso likawerenga ntchito yako yomwe limangovomera. Phimba njira yonse ndi chikhatho, uyende ndi chala pa mayankho omaliza okha, ulendo umodzi ukufuna chinthu chimodzi. Ulendo woyamba, yuniti: ilipo, ndipo ndi imene funso lapempha? Wachiwiri, kukula kwake. Sunga m'mutu zinthu zochepa zoyezera: madzi ndi 1000 kg/m³, munthu woyenda pansi sapitirira 2 m/s, ketulo yamagetsi imadya cha m'ma 2000 W. Ndinachongapo pepala lonena kuti mwala ndi 2.5 kg/m³. Mpweya womwewu ndi 1.2, ndiye mwala wakewo ukanauluka ndi kamphepo ka m'mawa. Mwanayo anapeza 2.5 g/cm³, n'kungosintha dzina la yuniti osachulukitsa ndi 1000.

Ulendo wachitatu ndi woyerekeza mafunso. Ngati pa funso 3 unatenga g = 10, pa funso 14 usatulukire ndi 9.8. Ngati gawo (b) linapatsa 4, onetsetsa kuti walowa m'gawo (c) ndi 4 yemweyo.

Mnyamata wa ku Ndirande: Nanga pepala likapanda kunena g? Ife atiphunzitsa 10, buku lina likuti 9.8.

Mphunzitsi wopuma: Yang'ana kaye malangizo a patsamba loyamba ndi m'funso momwe. Ukapanda kupeza, lemba poonekera imene wasankha, usaisinthe mpaka kumapeto.

Wophunzira wa uinjiniya: Ine za kudikira kumapeto sindigwirizana nazo. Gawo (a) likalakwika limakoka (b), (c) ndi (d), ndiye kukonza n'kufufuta tsamba lonse. Bola kuona kukula kwa yankho pompo ukangolipeza.

Wofunsa: Ndayenda ulendo wachiwiri uja pa pepala langa. Funso 11 ndinalemba kuti mwana wokwera masitepe akutulutsa 35000 W. Ndi maketulo 17 amenewo. Kutalika kwa masitepe kunali mu cm. Funso 16 likundikayikitsabe, ndijambula ndiike pano.