Mjigo watsopano watuluka ndi fuloraidi 4.8, wakale uli ndi 0.9

A Phiri: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Takumba mjigo wa mamita 65 kufupi ndi Liwonde, madzi ndi ambiri, oyera mbee. Zotsatira za ku labu zabwera: fuloraidi 4.8 mg/L. Mjigo wakale wa pasukulu, womwe uli mamita 300 okha kuchokera apa, ndi wa mamita 28 ndipo uli ndi 0.9. Mudzi umodzimodzi, zikusiyana bwanji? Amfumu akufuna yankho Lachisanu.

A Mbewe: Ameneyo ndi feteleza bwana. Kapena mapaipi achita dzimbiri. Thiranimo kolorini, mupope tsiku lonse, muyezenso.

Nangozo: A Mbewe, kolorini amapha tizilombo basi, fuloraidi samukhudza. Dzimbiri likadafiiritsa madzi, ndipo feteleza akadayamba waonekera pa mjigo wosaya uja. A Phiri, pepala la ku labu likuti chiyani pa kashiyamu ndi pH? Nanga madzi munawapeza pa mamita angati?

A Phiri: Kashiyamu 9 mg/L, pH 8.4. Oyamba tinawapeza pa 24, ochepa. Ambiri anabwera pa 58 titalowa m'thanthwe lolimba. Fumbi lake linali ndi tinthu takuda tonyezimira.

Nangozo: Eya, nkhani yagona pamenepo. Tinthu tonyezimirato ndi bayotaiti, ndipo iyeyo pamodzi ndi mwala wina wotchedwa honibulendi amasunga fuloraidi m'kati mwawo. M'miyala ngati ya ku Zomba ndi Machinga mumapezekanso apataiti ndi mwala wina wa kashiyamu ndi fuloraidi, uja timalemba CaF2. Koma kupezeka kwa mwala sikokwanira, chimene chimalamula ndi mtundu wa madziwo.

Madzi akakhala ndi kashiyamu wambiri, CaF2 amangosungunuka pang'ono n'kusiya, chifukwa madziwo akhuta kale. Zili ngati shuga mu tiyi wotsekemera kale, amangokhala pansi pa kapu. Tsono anu a pa 58 ndi madzi oti akhala m'ming'alu ya thanthwe zaka zambirimbiri. Kashiyamu wake wina anagwidwa ndi dongo, dongolo n'kutulutsa sodiyamu, wina anauma n'kukhala laimu m'ming'alumo. Kashiyamu akachepa, mwala uja umangopitiriza kusungunuka. Ndiye pH ikakwera chonchi, OH⁻ wa m'madzi amalowa pamalo pa F⁻, yemwe ndi fuloraidi uja, mu bayotaiti ndi dongo, F⁻ n'kugwera m'madzi. A pa 24 aja ndi a mvula ya zaka zaposachedwa, sanakhalitse ndi mwala.

A Banda: Ndiye lamulo n'losavuta: osapitirira mamita 30.

Nangozo: Osati paliponse, achimwene. Kumalo otentha ngati kuchigwa cha Shire, madzi apafupi amaphwa ndi dzuwa, mchere ndi fuloraidi n'kutsalira. Komanso pafupi ndi akasupe otentha, monga a ku Nkhotakota kapena Chiweta, madzi akuya amakwera okha n'kusakanikirana ndi apamwamba. Ku Liwonde komweko akasupe otere aliko. A Phiri, madziwo ndi ofunda?

A Phiri: Ofunda pang'ono, ngakhale m'mamawa. Amayi akuwayamikira kuti sopo akuchita thovu msanga.

Nangozo: Thovulo ndi umboni wa kashiyamu wochepa uja. Ine madzi ofunda, otelera m'manja, osadya sopo, ndimawakayikira ndisanawayeze n'komwe.

A Mwale: Koma 4.8 si yololedwa? Ine ndimadziwa kuti malire a mijigo kuno ndi 6. Kwathu ku Nathenje tonse tinakula ndi mano ofiirira, ndipo tilipobe.

Nangozo: Pa pepala mwapambana, a Mwale, 6 ndi muyezo wathu wa mijigo. Koma wa bungwe loona za umoyo padziko lonse ndi 1.5. Pa 4.8 mwana wosakwana zaka 8 mano ake amathimbirira, ndipo satsukika. Akamwa zaka zambiri, amafikanso m'mafupa.

A Mbewe: Nanga aziwiritsa?

A Banda: Kuwiritsa ndiye kuonjeza, nthunzi imapita, fuloraidi amatsala mumphika. A Phiri, bwanji mutseke pansipo ndi simenti, mutsale ndi a pa 24?

A Phiri: A pa 24 sangadyetse pampu ya Afridev mu Okutobala. Komanso pamenepo tinaika kesing'i yopanda mabowo.

A Banda: Ndiye kusakaniza. Ndawerengera: ndowa imodzi ya watsopano pa ndowa 6 za wakale zikupereka 1.46.

A Mwale: Ndani angawerenge ndowa 7 pamzere wa pamjigo? Ingonenani kuti wakale ndi wakumwa ndi kuphikira, watsopano wochapira ndi kusamba. Mzere wa pasukulu uchepanso.

Nangozo: Ndikugwirizana nazo. Palinso njira yosefa madzi ndi makala a mafupa. Makalawo amagwira fuloraidi ndithu, koma amakhuta mwakachetechete, popanda woyeza simungadziwe. Muyezenso mijigo yonse iwiri mu Okutobala, chifukwa 0.9 uja akhoza kukwera mvula ikatalikira.

A Phiri: Chabwino, Lachisanu ndikanena zimenezo. Koma eni pulojekiti akuti ndalama yotsala atipatsa madzi akakhala akumwa, pomwe kontirakiti imangoti muyezo wa dziko. Alipo anakumanapo nazo?