Nasiyonalidade ndi mtundu kapena ayi? Andibwezera fomu

Wosatchula dzina: Abale ndithandizeni. Ndili ku Ulongwe kuno ku Mozambiki, ndimalemba fomu ya ntchito. Pa nasiyonalidade ndinalemba Mchewa, sekeletale wandiseka n'kundibwezera. Chikhalirecho ndalama ya shapa ndinachita kubwereka kwa apongozi, omwenso amandinena kuti ndine Mmalawi chifukwa cha kalankhulidwe. Mayi ndi Mchewa, bambo Mngoni. Ndilembe chiyani?

Mngoni wa ku Tsangano: Walemba Mchewa bambo ako ali Mngoni? Anachita bwino kukubwezera! Mwana ndi wa atate.

Mayi wa tomato: Kwa inu uko. Kwathu mwana ndi wa kuchikazi. Koma apongoziwo asiyeni achemwali, anga anandiwerengera ndi mchere womwe.

Mphunzitsi wopuma: Vuto n'lakuti ife zonse timangoti mtundu. Uchewa ndi Ungoni ndiye etiniya: chilankhulo, miyambo, makolo. N'chifukwa chake ku Kulamba Achewa a Mozambiki, Malawi ndi Zambia amakagwadira Gawa Undi mmodzi, koma mapasipoti awo ndi osiyana. Nasiyonalidade ikufunsa dziko limene malamulo ake amakuwerengani kuti ndinu wake. Ngati muli ndi bilyete ya kuno, yankho ndi Mozambiki. Rasa ndi kugawa anthu potengera khungu ndi maonekedwe, ndipo pamenepo Mchewa ndi Mngoni onse amalembedwa akuda.

Mngoni wa ku Tsangano: Malire anajambula ndi azungu. Ine nasiyonalidade yanga ndi Ngoni basi.

Wa kabaza ku Zobwe: Kanene zimenezo pa geti pano, tione ngati Ungoniwo audinda.

Mwana wa sukulu: Ndiye unzika ndi nasiyonalidade ndi chimodzimodzi, eti? Ukabadwira kuno basi.

Mphunzitsi wopuma: Pa fomu zimakhala ngati chimodzi, koma unzika umakamba za ufulu umene uli nawo m'dzikolo. Nthawi ya atsamunda agogo athu ankawerengedwa a dziko la Apwitikizi, koma ufulu wa nzika analibe pokhapokha akhale asimiladu, kutanthauza akuda amene boma lawavomereza kuti atengera chikhalidwe cha Chipwitikizi, mpaka lamulolo linathetsedwa mu 1961. Lerolinso mlendo atakhala zaka 10 n'kupatsidwa nasiyonalidade, amavota koma sangakhale deputadu kapena nduna. Za kubadwira kunozo si njira yokhayo: wobadwira kunja amathanso kukhala wa kuno kudzera mwa bambo kapena mayi, koma zimafuna kukalembetsa.

Mayi wa tomato: Ndiye mchimwene wanga uja. Anabadwira ku Ntcheu tikuthawa nkhondo, tinabwerera mu 1993 alibe sedula. Anayenda kangati ku ofesi, mboni ankachita kuzilipirira yekha ulendo.

Mngoni wa ku Tsangano: Mukuona? Mapepala amasowa. Mfunda susowa.

Mphunzitsi wopuma: Achemwali, simunatiuze chachikulu. Munabadwira kuti, ndipo bilyete muli nayo? Bambo anuwo ndi Angoni a ku Angoniya kapena a ku Ntcheu?

Wosatchula dzina: Bambo anatisiya ndili wamng'ono. Komanso apongozi aja ayimbanso za ndalama ija.