Uthenga wa bedi ukukana kukwana pa zilembo 160

Bambo Phiri (kalipentala): Anzanga, ndithandizeni. Ndikufuna kutumiza SMS kwa makasitomala, koma uthenga wangawu uli ndi zilembo 235, ndiye akundidula mayunitsi a mauthenga awiri pa munthu aliyense:

"Moni makasitomala athu okondedwa! Tikukudziwitsani kuti tili ndi bedi lokongola kwambiri la matabwa a mlombwa, kukula kwake mafiti 6 mulitali ndi mafiti 4 mulifupi, mtengo wake ndi K280,000 basi. Tipezeni ku Ndirande, pafupi ndi msika."

Saizi, matabwa ndi mtengo zisachoke.

Mayi a Tadala: Mtengo wake uti, bambo? Mlombwa mwautchula kale.

Bambo Phiri: Mtengo wa ndalama, mayi!

Chisomo: Achimwene, chotsani mipata yonse mulumikize mawu. Mipata nayonso imawerengedwa.

Anaphiri (telala): Kuwerengedwa imawerengedwadi, koma mukalumikiza mawu agogo awerenga bwanji? Vuto lili kumayambiriro: mwadya zilembo 65 musanatchule bedi. Moni ndi "tikukudziwitsani" zichoke. "Lokongola kwambiri" lichokenso, aliyense amayamikira katundu wake. Mukati mlombwa, munthu akudziwa kale kuti ndi matabwa. Yesani iyi:

"Bedi la mlombwa, mafiti 6x4, lopanda matiresi, K280,000. Tipezeni ku Ndirande, pafupi ndi msika."

Zakwana 96. Za matiresizo ndawonjezera dala, chifukwa wina adzabwera ndi ngolo kudzafuna zonse pa mtengo womwewo. Mawu oti "mafiti" musawachotse. 6x4 payokha sikunena kanthu.

Bambo Phiri: Zikomo achemwali. Komatu ndangowonjezera "Bwerani maŵa." zakwana 110, foni ikuwonetsabe mauthenga awiri. Andilodza kapena?

Anaphiri: Wakulodzani ndi ŵ uja. Malire a 160 ndi a zilembo wamba zokha. Chikalowa chilembo chimodzi ngati ŵ, ngakhale kachithunzi koseka kaja, uthenga wonse umasintha kalembedwe ndipo malire amatsika kufika pa 70. Lembani "mawa" ndi w wamba, muwone kauntala ya pakona ija. Komanso uthenga wa zilembo wamba ukagawika, chigawo chilichonse chimanyamula 153, osati 160, chifukwa zina zimapita polumikiza zigawozo.

Bambo Phiri: Eee, wabwerera pa umodzi! Malo otsalawo ndiikapo nambala ya foni.

Chisomo: Nanga bwanji osangolemba K280? Aliyense akudziwa kuti bedi silingagulidwe K280.

Mayi a Tadala: Ayi mwanawe. Ine ndinalemba choncho pa zitenje, wina anabwera ndi uthengawo m'manja kudzakangana nane pamaso pa anthu. Maziro onse alembedwe. Koma moniyo mundisiyireko, uthenga wopanda moni kwa akuluakulu ndi mwano.

Anaphiri: "Moni." ndi zilembo zisanu zokha, malo alipo. Kaya bambo Phiri makasitomala awo amawadziwa okha.