Zomwe zatsatira pa funso langa la lipoti la ngozi

Ndinafunsa kuti: "Lipoti la ngozi ya pantchito ndililembe m'timfundo ta madontho kapena m'ndime?"

Zikomo nonse munayankha. Ndinatsata langizo loti ndione kaye woliwerenga. Ngoziyo inali ya mnzathu amene anapsa dzanja ndi makina okazingira khofi kuno ku Mzuzu.

Kwa bwana wamkulu, amene amawerengera pafoni, ndinalemba timfundo: tsiku, nthawi, kuvulala kwake, ndi zoti makinawo tawaimitsa. Anayankha tsiku lomwelo.

Kwa a inshulansi ndinalemba ndime, chifukwa timfundo timameza mawu ngati "chifukwa" ndi "kenako". Mukalemba "magetsi anazima" ndi "anatsegula chitseko cha makina" padera, sizikudziwika chinayamba n'chiti, ndipo wovulalayo amaoneka wosasamala. Koma iye anatsegula chitsekocho magetsi atazima kale, kuti khofi asapserere.