Mthunzi wa pamsoko ndi masamba opendekeka: Tesseract ikungondilembera zinyalala

Wa ku Kawale:
Akuluakulu, ndithandizeni. Kushopu kwathu kwabwera ntchito ya masamba 340, mfundo za misonkhano ya gulu lina la alimi. Anazitayipa pa tayipi yakale ija, kenaka n'kuzisoka pamodzi ngati buku. Eni ake akufuna zilowe m'kompyuta kuti azitha kufufuzamo mayina ndi masiku. Bukulo akukana kulimasula, ndiye mlembi wawo anajambula tsamba lililonse pa foni n'kunditumizira. Ndikalowetsa mu Tesseract, pulogalamu yowerenga mawu a pa chithunzi, mbali ya kumanja ikuwerengeka bwinoko, koma ya kumanzere, kufupi ndi msoko kumene kuli mthunzi, kukutuluka timadontho ndi zilembo zosamveka. Masamba ena mawu a mzere wa pamwamba akusakanikirana ndi a mzere wa pansi. Ndiyambire pati?

Bambo wa ku Kanengo:
Ngati mbali imodzi yokha ikuda, makina anu ojambulira mapepala afuna kupukuta. Tsegulani, mupukute galasi ndi timagalasi ta m'kati. Zikapitirira ndiye kuti nyale yatopa. Ine makina otere ndimakonza tsiku ndi tsiku.

Wa ku Kawale:
Zikomo bambo, koma pano makina athu sanakhudzepo. Ndi zithunzi za pa foni.

Wa ku Biwi:
Achimwene, musavutike. Kwezani kuwala, musandutse chithunzi chikhale chakuda ndi choyera basi, kenaka muchikulitse chifike `600 dpi`. Ine malisiti ndimachita choncho ndipo amawerengeka.

Mayi wa ku Likuni:
Achimwene a ku Kawale, musanachite chilichonse, tiuzeni kukula kwa chithunzi chimodzi, mapikiselo angati m'lifupi ndi m'litali. Komanso mutsegule tsamba loipitsitsa mu GIMP, pulogalamu yokonzera zithunzi, muloze malo anayi n'kuwerenga nambala ya kuwala kwake: pepala poyera, pepala mu mthunzi, chilembo poyera, chilembo mu mthunzi. Nambalazo zimayambira 0, kuda bii, kufika 255, kuyera mbee.

Wa ku Kawale:
Amayi, zonse ndi 1200 kwa 1600. Anatumiza pa WhatsApp. Nambala zija ndapeza motere: pepala poyera 210, pepala mu mthunzi 95, chilembo poyera 110, chilembo mu mthunzi 50. Inki yake ndi yofwifwa, riboni inali itatha mphamvu.

Mayi wa ku Likuni:
Basi, matenda awiri aonekeratu.

Loyamba ndi la kukula. Pepala la A4 ndi lalitali mainchi 11.7. Mapikiselo 1600 mukawagawa pamenepo mukupeza pafupifupi 137 pa inchi, ndipo apo tikuyesa kuti pepala ladzadza chithunzi chonse. Tesseract imafuna 300 pa inchi, ndiye kuti tsamba la 2480 kwa 3508. WhatsApp imachepetsa zithunzi mukazitumiza mwa masiku onse. Muwaimbire alembiwo, ngati sanafufute pa foni akutumizireninso posankha `Document`, kapena mupite ndi chingwe mukakopere nokha. Mukapeza zoyambirirazo mwamaliza theka la ntchito musanakhudze pulogalamu iliyonse.

Lachiwiri lili pa nambala zanu zinayi zija. Onani bwino: chilembo cha poyera ndi 110, pepala la mu mthunzi ndi 95. Ndiye kuti pepala lopanda kanthu la kumsoko ndi lakuda kuposa inki ya kumanja. Tesseract mukaisiya yokha imasankha nambala imodzi ya tsamba lonse, njira ya Otsu, n'kunena kuti chilichonse chotsika kuposa pamenepo ndi inki. Ikadula pa 130, zilembo za kumanja zituluka bwino, koma kumsoko konse kusanduka chikanga chakuda. Ikadula pa 75, kumsoko kuwerengeka, kumanja zilembo zonse zisowa. Palibe nambala imodzi imene ingakwanire mbali zonse ziwiri. N'chifukwa chake njira ya achimwene a ku Biwi imagwira pa malisiti ojambulidwa poyera paliponse mofanana, koma pano singathandize. Kukweza kuwala kumakweza nambala zonse zinayi pamodzi, 95 ikhalabe pansi pa 110.

Wa ku Biwi:
Za kudula ndamva amayi. Koma kukulitsa chithunzi kumathandiza ndithu, ndinayesapo ndekha.

Mayi wa ku Likuni:
Pamenepo simukunama. Zilembo zikakhala zazing'ono kwambiri, monga "a" kapena "e" wosafika mapikiselo 10 kutalika, kukulitsa kawiri ndi `-resize 200%` mu pulogalamu ya ImageMagick kumathandiza. Koma kabowo ka "e" kakatsekeka pojambula, kukulitsa sikungakatsegule. Ndipo mukulitse chithunzi chikadali chotuwa. Mukayamba mwachisandutsa chakuda ndi choyera, m'mphepete mwa zilembo mumakhala mano ngati a sowo, ndiye mukungokulitsa manowo.

Tibwerere ku mthunzi. Chimene mukufuna ndi kuyerekeza kadontho kalikonse ndi pepala loyandikana nako, osati ndi tsamba lonse. Mumapanga kope lachiwiri la chithunzicho, n'kulisungunula mpaka zilembo zisowe patsale kuwala kwa pepala kokha, kenaka mumagawa choyambacho ndi kopelo. Mu ImageMagick pa Command Prompt ya Windows ndi motere:

```
magick tsamba.jpg -colorspace Gray ( +clone -blur 0x30 ) -compose Divide_Src -composite loyera.png
```

Pa Linux muike `\` patsogolo pa mabulaketi onse awiri. Tiyese ndi nambala zanu. Chilembo cha poyera: 110 kugawa ndi 210, kuchulukitsa ndi 255, ikubwera 134. Cha mu mthunzi: 50 kugawa ndi 95, kuchulukitsa ndi 255, ikubweranso 134. Pepala konsekonse lisanduka 255 kapena kuyandikira pamenepo. Mthunzi uja sunachotse kusiyana kwa inki ndi pepala, unangozitsitsa zonse mofanana, ndiye kugawa kumazibwezeretsa. Pochita zenizeni nambala sizidzagwirizana ndendende chonchi, chifukwa kope losungunulalo limatenga pang'ono kuda kwa zilembo, koma mudzaona tsamba layera mofanana.

Musunge ngati `png`, osati `jpg`. Kusunga `jpg` mobwerezabwereza kumaonjezera tinsabwe m'mbali mwa zilembo.

Wa ku Kawale:
Alembi aja anali nazobe, ndakopera, ndi 3000 kwa 4000. Ndayesa lamulo lija pa masamba khumi. Mthunzi wachoka, ndakondwa kwambiri. Koma pali ziwiri. Mutu wa gulu umene uli pamwamba, wa zilembo zonenepa, watuluka wotumbuluka m'kati ngati wadyedwa ndi chiswe. Ndipo mizere ikusakanikiranabe.

Mayi wa ku Likuni:
Chiswecho ndi chizindikiro chakuti 30 uja wachepa pa chithunzi chachikulu chonchi. Chilembo chonenepa sichinasungunuke chonse, ndiye chikudzigawa chokha n'kuyera. Ikani `0x60`. Mukakweza mopyola, mthunzi uyamba kubwerera, makamaka pamene ukusintha msanga pafupi ndi msoko. Muyese nambala zitatu pa tsamba limodzi, musankhe ndi maso.

Za mizere, tsamba lanu lapendekeka. Anthu amapeputsa madigiri awiri chifukwa ndi maso saoneka kwenikweni. Koma mzere wotalika mapikiselo 2000 ukapendekeka madigiri awiri, kumapeto kwake umakhala utatsika mapikiselo 70. Pa 300 pa inchi, tayipi yolemba mizere isanu ndi umodzi pa inchi imasiya mapikiselo 50 okha kuchoka pa mzere kufika pa unzake. Ndiye mchira wa mzere woyamba uli pansi kuposa mutu wa mzere wachiwiri. Wongolani motere:

```
magick loyera.png -background white -deskew 40% +repage lowongoka.png
tesseract lowongoka.png tsamba --psm 6
```

Ndondomeko yake ndi yofunika. Yambani ndi kudula tebulo, zala ndi chidutswa cha tsamba linalo, kenaka kuchotsa mthunzi, kuwongola kubwere pomaliza. Mukayamba ndi kuwongola, pulogalamu ikhoza kutsata m'mphepete mwa mthunzi kapena mwa tebulo m'malo mwa mizere ya mawu. Podula musamete mpaka pa zilembo, musiye kampata koyera kuzungulira.

Wa ku Biwi:
Nanga `--psm 0` si imawongola yokha? Ndinamva choncho.

Mayi wa ku Likuni:
Imeneyo imangokuuzani ngati tsamba lili chagada, chozondoka kapena chogona cham'mbali, madigiri 90, 180 kapena 270. Kupendekeka pang'ono siikonza. Koma popeza mwatchula za m'kati mwa Tesseract, kuyambira pa 5.0 ya 2021 muli njira ya Sauvola, imene imasankha podulira dera ndi dera. Mumaonjezera `-c thresholding_method=2`. Pa mthunzi wopepuka yokhayo imakwana. Ine ndimakondabe kugawa ndekha chifukwa ndimaona chithunzi chisanawerengedwe. Mukafuna kuona chimene Tesseract yaona itadula, ikani `-c tessedit_write_images=true`, ikusiyirani chithunzicho. Ngati inuyo simungathe kuchiwerenga, musayembekeze kuti iyo itha.

Wa ku Chinsapo:
Pepani ndilowerere ndi langa. Ine ndili ndi makalata a kaboni, pepala lopyapyala lija, mawu a kuseri akuonekera kutsogolo. Ndayesa kugawa kumene mwanenaku, ndiye a kuseriwo aoneka kwambiri kuposa kale. Komanso pali zidindo zapepo pamwamba penipeni pa masiku.

Mayi wa ku Likuni:
Achemwali, zoonekera kuserizo zikonzeni pojambula. Ikani pepala lakuda kumbuyo kwa kalatayo, osati loyera. Loyera limabweza kuwala kudutsa m'pepala n'kuonetsa za kuseri. Za chidindo, mutha kutenga mbali ya buluu yokha ndi `-channel B -separate`, chidindo chapepo chimatumbuluka. Koma ngati kaboni wanu ndi wabuluu, mawu nawonso apita, ndipo pepala lakale lachikasu limada pa mbali imeneyo. Masiku ophimbidwa ndi chidindo ine ndimawatayipa pamanja.

Wa ku Kawale:
Nayi nkhani ya lero. Ndinatayipa pamanja tsamba limodzi la mawu 260 kuti ndiziyerekezera. Pa chithunzi cha WhatsApp mawu olakwika anali 141. Pa choyambirira chosakonza, 88. Nditachotsa mthunzi, 37. Nditawongola, 19. Mwa 19 amenewa, 12 ndi mawu oyamba a mzere, pamene pepala likupindikira ku msoko ndipo zilembo zapanikizana. Enawo ndi ŵ amene anamuika kachipewa ndi cholembera, ikumuwerenga mosiyanasiyana.

Mayi wa ku Likuni:
Kupindikako `-deskew` sangakuthe, iye amangotembenuza tsamba lonse ngati thabwa. Pulogalamu ya ScanTailor ili ndi gawo lowongola mizere yokhota, koma pa masamba amene ndinayesapo ndinkakonzabe pamanja limodzilimodzi. Mukanakhala ine, ndikanabwereka bukulo tsiku limodzi. Kulitsegula theka lokha, tsamba lojambulidwalo ligone pa tebulo, linalo liime motsamira khoma, kuikapo galasi loyera kuti lipanikize, kujambula pakhonde pa mthunzi osati padzuwa, foni ili pamwamba molunjika ndipo kuwala kukuchokera mbali yosiyana ndi msoko.

Wa ku Biwi:
Masamba 340 kujambulanso? Mawu khumi ndi awiri pa tsamba kukonza pamanja n'kosavuta kuposa pamenepo, makamaka poti adzawerenganso ndithu.

Wa ku Kawale:
Vuto ndi lakuti pa masamba a mndandanda wa mamembala, mawu oyamba a mzere ndiwo mayina amene akufuna kufufuza. Masamba otero alipo 46. Ndipempha bukulo Lachisanu ndijambulenso amenewo okha, otsalawo ndikonza pamanja. Bambo a ku Kanengo, galasi la makina akufa lolingana ndi A4 mungakhale nalo?

Bambo wa ku Kanengo:
Lilipo la A3, lopanda mikwingwirima. Mubwere ndi chikatoni chokulungira, m'mphepete mwake ndi mwakuthwa.