Wang'oma akufuna gawo lofanana, apo ayi atisiya

Chikondi: Akuluakulu ndithandizeni maganizo. Ndimayendetsa bandi ya anyamata anayi oimba chamba cha roko. Pa shoo yomaliza tinatsala ndi K600,000 titalipira zida ndi galimoto. Woimba ndi wagitala, omwe amapeka nyimbo, anatenga K200,000 aliyense, wabesi ndi wang'oma K100,000 aliyense. Takhala tikugawana choncho kuyambira kale, popanda pepala. Tsopano wang'oma akuti tizigawana mofanana, apo ayi achoka chimbale chisanatuluke. Akutinso dzina la bandi anabweretsa ndi iyeyo.

Yamikani: Msiyeni apite aise, ang'oma ndi ambiri m'tauni muno. Kawirikawiri zoterezi kumbuyo kwake kumakhala mowa kapena nkhani ya chibwenzi.

Chikondi: Ayi achimwene, mnyamatayu samwa n'komwe. Ndipo ng'oma zake zili kale m'nyimbo zonse zomwe tajambula.

Mayi Nachisale: A Yamikani, musapeputse. Nkhani ngati iyiyi ndiyo inadanitsiratu a The Smiths a ku Manchester. Bandiyo inatha mu 1987 Johnny Marr wagitala atachoka, koma chomwe chinatseka khomo loti adzabwererane ndi ndalama. Morrissey woimba ndi Marr ankatenga maperesenti 40 aliyense pa phindu la zimbale ndi mashoo, pomwe Andy Rourke wabesi ndi Mike Joyce wang'oma ankapatsidwa 10 aliyense. Pangano lolembedwa losonyeza kuti awiriwa anavomera panalibe. Awiriwa atakasuma kukhothi, Rourke analandira mapaundi 83,000 n'kuileka nkhaniyo, koma Joyce analimbikira, ndipo mu 1996 khothi linagamula kuti gawo lake ndi maperesenti 25. Lamulo la ku Britain limati anthu ochitira bizinesi pamodzi amagawana mofanana, pokhapokha pakhale umboni woti anagwirizana zina.

Chomwe ndikufuna muone, a Chikondi, n'chakuti Joyce sanakhudze ndalama za kupeka nyimbo. Zimenezo zinakhalabe za Morrissey ndi Marr. Matumba alipo awiri: la wopeka, ndi la onse omwe aimba pa siteji kapena mu situdiyo. Inu mwawathira pamodzi. Opeka anu akudya ufulu wa upeki pa ndalama ya shoo, pomwe usiku umenewo onse anayi anakhetsa thukuta lofanana. Wang'oma wanuyo sakulakwa.

Madalitso: Ndiye kungogawana zonse mofanana basi. A bandi ya R.E.M. ankalemba mayina a onse anayi pa nyimbo iliyonse, kaya wapeka ndani. Bill Berry wang'oma atachoka mu 1997 sipanamveke za khothi, anzake anapitiriza mpaka 2011.

Mayi Nachisale: Zoona, koma iwowo anagwirizana zimenezo pachiyambi, ndalama zisanabwere. Kuuza munthu lero kuti nyimbo yomwe anasinkha yekha usiku agawane ndi atatu, mawa wochoka akhala iyeyo. Ndipo wopeka akachoka, bandi imasintha mamvekedwe, anthu amazindikira.

Bambo Gondwe: Ine chikundiopsa ndi dzinalo. Ndakhala pa makina osakanizira mawu zaka zambiri, ndipo bandi ina yomwe ndinkaigwirira ntchito inagawikana pakati, magulu onse awiri n'kumamata mapositala a dzina limodzi. Eni malo anasiya kuitana onsewo poopa chisokonezo. Bandi ya Pink Floyd inadutsanso momwemo. Roger Waters anachoka mu 1985 akuganiza kuti popanda iye bandi yatha, ndipo David Gilmour ndi Nick Mason atapitiriza, Waters anapita kukhothi mu 1986. Anamvana kumapeto kwa 1987: dzina linatsala kwa awiriwo, Waters n'kutenga ufulu wa chimbale cha The Wall. Lembani kuti wochoka amasiya dzina, koma gawo lake pa zomwe anajambula kale lizimupezabe.

Yamikani: Nanga wolowa m'malo mwake? Naye gawo lofanana tsiku loyamba lomwe?

Bambo Gondwe: Ayi, ayambe ngati waganyu, malipiro pa shoo iliyonse, ndipo auzidwe poyera. Mavuto amayamba munthu akamayesa kuti ndi mwini pomwe anzake akumuona ngati wolembedwa ntchito.

Mayi Nachisale: A Chikondi, akhazikeni pansi onse anayi chimbale chisanatuluke. Ya shoo ikhale K150,000 aliyense. Kenako mutenge nyimbo imodziimodzi, mulembe amene anapeka mawu ndi maimbidwe, musainirane, ndipo mukalembetse motero ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa nyimbo. Za dzina muonane ndi loya.

Chikondi: Wagitala wavomera za K150,000. Woimba akukana, akuti anthu amalipira pakhomo kudzaona iyeyo. Ndipo pali nyimbo ziwiri zomwe zinayambira pa kaimbidwe ka ng'oma, mawu anabwera pambuyo. Pamenepo wang'oma ndi wopeka kapena ayi?

Madalitso: Kwa ine ndi wopeka.

Mayi Nachisale: Ine ndikukayika, pokhapokha opekawo avomere okha kumupatsa gawo. Tumizani nyimbozo timve kaye.