Nyumba ya alendo ya kasitomala sikutuluka pa mapu, mawu ndasintha katatu

wamapulofayilo: Anzanga ndithandizeni, mutu waima. Kasitomala ali ndi kanyumba ka alendo ka zipinda 8, pulofayilo yake pa Google Business Profile inatsimikizidwa kalekale. Bokosi la Description, lofotokozera bizinesi, ndalilemba katatu sabata ino, zilembo 750 ndadzaza zonse, mawu oti "guest house" ndaikamo ka 6. Ukasaka dzina lake lenileni pa Maps ikubwera bwinobwino, koma ukalemba "guest house near me" zii, angakhale utaima pageti pake. Ulendo wachitatuwu a Google angondikanira ndithu, Not approved. Mwini wake akuimba foni m'mawa uliwonse. Ndilembemo chiyani kuti ituluke?

chikwangwani_77: Ka 6 n'kochepa achimwene. Onjezerani, muikenso dzina la dera pachiganizo chilichonse. Makinawa amawerenga mawu basi.

mayi_wamalonda: Musanakhudzenso bokosilo, tiuzeni zinthu ziwiri. M'mawu akanidwawo munali linki kapena mtengo? Nanga pa Business category, gulu loyamba lija la Primary category lalembedwa chiyani?

wamapulofayilo: Munali linki ya tsamba lobukira chipinda, ndi mawu oti tachotsera mtengo mwezi uno. Gulu loyamba ndi Restaurant, lachiwiri Event venue. Ndinazipeza zili choncho, anaika ndi amene ankayendetsa poyamba chifukwa kutsogolo kuli kachipinda kodyera.

mayi_wamalonda: Ndiye matenda ndi awiri, ndipo aakuluwo sali m'bokosi mukulimbana nalolo.

Kukanidwako n'kosavuta. Malamulo a Google salola linki mu Description, salolanso mawu otsatsa mitengo kapena kuchotsera. Chotsani ziwirizo, idutsa.

Koma ngakhale idutse, simutuluka. Google amanena yekha kuti potulutsa mabizinesi apafupi amayang'ana zinthu zitatu: ngati bizinesiyo ikugwirizana ndi zomwe munthu wasaka, mtunda kuchoka pomwe wosakayo ali, ndi kutchuka kwake. Pa choyambacho cholemera kwambiri ndi gulu loyamba. Panopa mwauza makina kuti malowa ndi odyerako. Munthu akasaka pogona, makinawo amasankha pakati pa mapulofayilo omwe gulu lawo ndi la malo ogona, ndipo inu mulibemo m'kaundula ameneyo. Mutha kulemba "guest house" ka 50, mukhalabe lesitilanti yokamba za zipinda. Sinthani gulu loyamba likhale Guest house. Magulu owonjezera amalola mpaka 9, koma musadzaze, ikani okhawo oona. Ngati kachipinda kodyerako kamangodyetsa ogona okha, Restaurant ichoke.

Umboni mutha kuuona nokha. Tsegulani gawo la Performance pa pulofayiloyo muone mawu omwe anthu anasaka n'kukupezani. Ndikukhulupirira mupeza dzina la malowo ndi mawu a zodyera, a zogona mulibe.

kalaliki_wausiku: Ife timangoika mawu abwino pa tsamba la Facebook ndi zithunzi za mabedi, alendo amabwera ndithu. Mwayesa kulipira kuti positi ifike patali?

wamapulofayilo: Akulu, nkhani ndi ya pa mapu, osati pa Facebook.

chikwangwani_77: Ine ndikuti mawu amagwira ntchito. Sakani nokha muone omwe ali pamwamba, ambiri dzina lawo lili ndi "Best Guest House" ndi dzina la tauni kumapeto. Ngati bokosi likukana, ikani mawuwo pa Business name. Mawa lomwe mukwera.

mayi_wamalonda: Apa mwanenako zoona theka. Mawu a m'dzina amakoka, n'chifukwa chake anthu amaba njira imeneyo. Koma lamulo likuti dzina likhale lomwe lili pachikwangwani ndi pamapepala a bizinesi. Wopikisana naye aliyense atha kudina Suggest an edit n'kulikonza, kapena kukunenezani, pulofayilo n'kuimitsidwa. Ikaimitsidwa sioneka ngakhale munthu asake dzina lenileni, ndemanga zonse zimabisika nayo, ndipo podandaula akufunsani chithunzi cha chikwangwani chosonyeza dzina lomwe mwalembalo. Ngati pachikwangwani palembedwadi "Guest House" koma pa pulofayilo palibe, pamenepo onjezerani, ndi dzina lake. Zina ayi.

mzee_wamapini: Chenjezo kwa mwana wanga wafunsayu, musathamangire kusintha gulu lero lomwe. Kusintha gulu loyamba, dzina kapena adiresi nthawi zina kumachititsa kuti akufunseni kutsimikiziranso pulofayilo, kawirikawiri ndi vidiyo. Vidiyoyo imajambulidwa ulendo umodzi osadula: msewu kapena chizindikiro chapafupi, chikwangwani, kenako china chosonyeza kuti wojambulayo ndi woyendetsa malowo, monga kutsegula ofesi ndi kiyi. Kuunika kwake kumatha kutenga masiku 5 ogwira ntchito. Choncho gwirizanani kaye ndi mwini wake tsiku lomwe akhale pamalopo ndi foni yomwe ili ndi akaunti. Komanso musasinthe gulu, dzina ndi pini yosonyeza malowo pa mapu tsiku limodzi. Chimodzi, chikhazikike, kenako china.

Chachiwiri chikuseketsani. Mukalowa gulu la malo ogona, bokosi la Description likhoza kusowa. Mapulofayilo omwe Google amawaona ngati a hotela, mawu ofotokoza amalemba yekha, mwini amangopatsidwa malo odzaza zinthu zomwe zilipo: poimika galimoto, wayifayi, nthawi ya Check-in ndi Check-out. Dzazani chilichonse moona, chifukwa zimenezo ndi zomwe osaka amasefera.

dada_wazithunzi: Pa Hotel ndikuvomera limasowa. Koma ndili ndi kasitomala wa Guest house yemwe bokosi lake lilipo mpaka lero.

mzee_wamapini: N'chifukwa chake ndati likhoza. Akopere mawu akewo penapake asanasinthe.

mayi_wamalonda: Likatsala, lembani molembera mlendo yemwe wakupezani kale ndipo akusankha pakati pa inu ndi ena awiri. Zilembo pafupifupi 250 zoyambirira ndi zomwe zimaoneka munthu asanadine kuti aone zotsala, ndiye musaziwononge ndi "takulandirani ku malo abwino koposa". Yambani ndi chomwe malowo ali, pomwe ali, ndi zomwe wogona amafunsa pafoni. Mwachitsanzo:

"Nyumba ya alendo ya zipinda 8, chilichonse chili ndi bafa lake ndi madzi otentha. Tili mphindi 5 poyenda pansi kuchokera pa depoti ya mabasi. Pali poimika magalimoto 6 mkati mwa mpanda, mlonda usiku wonse, ndi wayifayi m'zipinda zonse."

Apo zilembo sizinafike 250. Mtundu wa malo watchulidwa kamodzi, dera mulitchule kamodzi, zakwana. Zotsalazo muikemo chaka chomwe anatsegula ndi ngati pali chipinda cha banja. Simukakamizidwa kufika 750. Lembani m'chilankhulo chomwe alendo ake ambiri amawerenga. Ndipo musalembe madzi otentha ngati giza imagwira zipinda 3 zokha, zikatulukira mu ndemanga.

chikwangwani_77: Kamodzi kokha?? Anzanu akulemba ka 10 ali pamwamba. Ine sindinaimitsidwepo.

dada_wazithunzi: Ali pamwamba chifukwa cha ndemanga zawo bwana, tawerengani kuti ali nazo zingati. Wafunsayu sanatiuze n'komwe kuti kasitomala wake ali ndi zingati. Apemphe aliyense wobweza kiyi kuti alembe, koma osalonjeza mphatso kapena kuchotsera mtengo, zimenezo n'zoletsedwa.

mzee_wamapini: Muonenso pini. Ikakhala pakati pa tauni pomwe malo ali kunja, mtunda umawerengedwa kuchokera pa piniyo. Ndipo poyesa musamasake muli kwanu ndi akaunti yanu, zotsatira zimasintha malinga ndi pomwe mwaima. Sakaninso dzina lakale la malowo ngati linasinthapo, pena pamakhala pulofayilo yachiwiri yomwe inapangidwa ndi alendo, ikudya ndemanga.

kalaliki_wausiku: Za pulofayilo yachiwirizo, ikaphatikizidwa ndi yeniyeni ndemanga zimasamuka kapena zimatayika? Yathu ili ndi ziwiri.